Kulembera mayi a mnzanu m'Chipwitikizi pa tsiku lawo lobadwa

Msewu wochoka ku Dedza kupita ku Ntcheu umayenda m'malire enieni. Mbali imodzi ndi Malawi, mbali inayo ndi Mozambiki, ndipo pamsika wa Lizulu anthu a maiko awiriwa amatsatsana malonda a mbatatesi ndi kabichi tsiku ndi tsiku. Ku Mwanza, ku Muloza ndi ku Chiponde ndi chimodzimodzi. Nkhondo ya ku Mozambiki isanathe mu 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira kuno, ndipo ubale womwe udayamba nthawi imeneyo ulipobe mpaka lero. Ena adapeza anzawo a ku Tete, ku Beira kapena ku Maputo kusukulu, kumpingo, ngakhalenso ku Joni komwe amagwirira ntchito limodzi. Choncho si zachilendo kuti mnzanu akuuzeni kuti mayi ake akukwanitsa zaka 60 Loweruka likudzali, inu nkufuna kuwalembera mawu awiri atatu m'Chipwitikizi, chiyankhulo cha boma ndi sukulu m'dzikolo chilandirire ufulu mu 1975.

Uthenga wotere ndi waufupi, mwina mizere isanu yokha, koma uli ndi vuto lake. Mayi a mnzanu si mlendo woti muwalembere ngati bwana wa kuofesi, komanso si mnzanu woti muwaseleule. Mukufuna amve kuti mumawakonda, koma asaone ngati mwawadumphira. M'Chipwitikizi zinthu ziwirizi zili ndi malo osiyana. Ulemu umakhala m'mene mwawatchulira ndi m'timawu ting'onoting'ono totsatira katchulidweko, ndipo suyenera kugwedezeka kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza. Chikondi chimakhala m'chinthu chimodzi chenicheni chomwe mukukumbukira za iwo. Anthu ambiri amalakwitsa poyesa kuonjezera chikondi pochepetsa ulemu, ndipo zikatero zonse ziwiri zimaonongeka.

Muwatchula kuti ndani?

Musanalembe chilichonse, funsani mnzanuyo funso limodzi: anzako ena amawatchula bwanji mayi? Yankho lake likhala limodzi mwa mayina atatu.

Loyamba ndi *Dona*, lotsatiridwa ndi dzina lawo loyamba. Mawuwa si achilendo m'makutu mwathu, popeza «dona» adalowa kale m'Chichewa kuchokera m'Chipwitikizi monga momwe «kalata» ndi «nsapato» zidalowera. Koma m'Chipwitikizi cha lero *Dona* satanthauza mayi wolemera kapena wodzikonda. Ndi ulemu wa masiku onse woperekedwa kwa mayi wamkulu, kaya ndi mphunzitsi kaya ndi wogulitsa tomato. Tingoyerekeza kuti mayi a mnzanu dzina lawo ndi Teresa: mulemba *Dona Teresa*, kapena mwachidule *D. Teresa*. Apa mpomwe Mchewa amadodoma, chifukwa kwathu kutchula mayi wamkulu dzina lawo loyamba ndi chipongwe, timakonda mfunda kapena dzina la mwana wawo. Tikatengera mwambowo nkuika dzina la bambo kapena la banja pambuyo pa *Dona*, zimamveka zokhota. *Dona* amayenda ndi dzina loyamba, ndipo iyeyo ndiye amachotsa chipongwe chonse.

Lachiwiri ndi *Tia*, kutanthauza azakhali. Ku Mozambiki, ku Angola ndi ku Burazili achinyamata amakonda kutchula mayi a anzawo kuti *Tia*, ngakhale palibe ubale wa magazi. Ndi dzina la munthu amene mudakulira pakhomo pake, amene adakukalipiranipo mutachedwa kubwera kunyumba. Ngati munangokumana nawo kamodzi, *Tia* akhoza kumveka ngati mwafulumira.

Lachitatu ndi *Mãe*, mayi. Ku Mozambiki kutchula mayi wamkulu kuti *Mãe* ndi ulemu wozolowereka, wofanana ndi «amayi» wathu, ndipo pa mayi a mnzanu wapamtima dzinali limakhala bwino zedi. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mayi ambiri a kumeneko amaona choncho. Koma ngati mayiwo ndi a ku Potugalo kapena ku Burazili, *Mãe* kawirikawiri amasungira ana awo enieni, ndiye bwererani kwa *Dona*. Mukakayika kulikonse, *Dona* sakhumudwitsa munthu.

Patsogolo pa dzinalo mumaika mawu amodzi a moni. *Querida* ndi «okondedwa», ndipo akalumikizana ndi *Dona* amapereka ndendende chomwe mukufuna: *Querida Dona Teresa*. *Estimada* ndi waulemu kwambiri koma wotalikirapo pang'ono, woyenera mayi omwe simudaonanepo nawo maso ndi maso. *Excelentíssima Senhora* ndi wa makalata a boma ndi makampani, ndipo pa tsiku lobadwa amazizira. Onetsetsani lembo lomaliza: kwa mayi ndi *-a*. *Querido* ndi *Estimado* ndi za abambo.

Ulemu wawo suli m'kuchulukitsa

M'Chichewa tikafuna kulemekeza munthu mmodzi timamuchulukitsa: «iwe» amasanduka «inu». Mchewa wongophunzira Chipwitikizi amafufuza «inu» m'buku la matanthauzo, napeza *vocês*, nkuganiza kuti wapeza ulemu. Koma *vocês* amatanthauza anthu angapo basi. Mukalemba *Que Deus abençoe vocês*, mayiwo amva kuti mwadalitsa banja lonse, iwo eni tsiku osatchulidwa paokha. Palinso *vós*, amene masiku ano mumamupeza kwambiri m'mapemphero ndi m'mabuku akale. Ameneyu musiyeni kutchalitchi.

Njira yawo yolemekezera tili nayonso, kungoti sitiiganizira. Mkamwini akafika pakhomo nkufunsa kuti «Amayi adzuka bwanji?» uku akuyankhula ndi amayiwo, akuwatchula ngati munthu wina amene sali pomwepo. Chipwitikizi chimachita zomwezo. Wapamtima, mwana ndi mnzanu wamsinkhu wanu ndi *tu*. Wamkulu mumamutchula kuti *a senhora*, kapena dzina lake lomwe lija, mneni nkukhala wa munthu wachitatu. «Muli bwanji?» kwa mnzanu ndi *Como estás?* Kwa mayi ake ndi *Como está a senhora?* kapena *A Mãe está bem?*

Pakati pa ziwirizi pali *você*, amene amasokoneza ophunzira ambiri. Ku Burazili *você* ndi wa tsiku ndi tsiku, ngakhale kumenekonso mwana woleredwa bwino amati *a senhora* kwa mayi a mnzake. Ku Mozambiki mumumva paliponse, pamsika ndi m'basi momwe. Ku Potugalo achikulire ambiri amakhumudwa akatchulidwa *você* ndi wachichepere. Popeza uthenga wolembedwa ulibe nkhope yoti ifewetse mawu, chanzeru ndi kumupewa. Izi nzosavuta, chifukwa Chipwitikizi chimalola kusiya mlowam'malo, mneni nkuyima yekha: *Tenha um dia feliz*, «mukhale ndi tsiku lachimwemwe». Simunanene *você*, simunanene *tu*, koma mneniyo wanyamula kale ulemu.

Mukasankha ulemu, timawu titatu tiyenera kutsatira. Koyamba, «kwa inu» ndi *lhe*, pomwe *te* ndi «kwa iwe»: *Desejo-lhe*, «ndikukufunirani», osati *Desejo-te*. Kachiwiri, «wanu» ndi *seu* kapena *sua*, pomwe *teu* ndi *tua* ndi «wako»: *o seu aniversário*, *a sua família*. Zindikirani kuti kusankha *seu* kapena *sua* kumatsata chinthu chotchulidwacho, osati mwini wake, nchifukwa chake ngakhale kwa mayi timati *o seu dia*. Kachitatu, aneni ambiri a *tu* amathera ndi *-s*: *tenhas* ndi «ukhale nazo», *tenha* ndi «mukhale nazo». Mukamaliza kulemba, werengani uthenga wonse mukusaka *te*, *teu*, *tua* ndi mneni wothera ndi *-s*. Mukapeza chimodzi, ulemu wabowoka pamenepo.

Uthenga wokhota ndi matenda ake

Tiyerekeze kuti wolemba ndi mnyamata wa ku Dedza. Mnzake wa kusukulu kwawo ndi ku Tete, ndipo pa tchuthi china adakachezako masiku angapo, mayi a mnzakeyo nkumusamala ngati wawo. Watola mawu apa ndi apo, ena m'nyimbo, ena m'mauthenga omwe anzake amatumizirana, ndipo watulutsa izi:

*Querido Dona Teresa, parabéns! Eu te amo muito. Desejo-te um dia feliz. Que Deus abençoe vocês. Obrigada pela comida. Atenciosamente.*

Mtima wake ngwabwino, ndipo mayiwo mwina amvetsa. Koma pafupifupi chiganizo chilichonse chili ndi chilema. *Querido* wawasandutsa bambo. *Eu te amo* ndi mawu a mwamuna kwa mkazi wake, kapena a mwana kwa mayi ake omubereka. M'Chichewa «ndimakukondani amayi» ndi mawu oyera omwe aliyense anganene, koma Chipwitikizi chimasiyanitsa *amar* ndi *gostar*, ndipo mnzake wa mwana amagwiritsa ntchito wachiwiriyu: *Gosto muito da senhora*. *Desejo-te* wawatsitsa kuchoka pa «inu» kufika pa «iwe», atangowatchula kumene kuti *Dona*. *Vocês* tamuona kale.

*Obrigada* ndi msampha wina. Mawu othokozawa amatsata amene akuthokoza, osati wothokozedwa. Mnyamata amati *obrigado* ngakhale akuyankhula ndi mayi, ndipo mtsikana amati *obrigada* ngakhale akuyankhula ndi bambo. Mnyamatayu adaona kuti akulembera mayi nkuganiza kuti *-a* ndiye woyenera, mapeto ake wadzisandutsa mtsikana. Pomaliza, *Atenciosamente* ndi mawu otsekera kalata yofunsira ntchito. Uthenga womwe wayamba ndi chikondi cha pabanja watha ngati wochokera kubanki, ndipo sunanene nkomwe kuti wolemba ndani.

Pali cholakwa china chomwe mnyamatayu wachipewa mwamwayi, koma nchoopsa kuposa zonsezi. Munthu wofuna kunena kuti «zakumtima kwanga» akhoza kulemba *os meus sentimentos*. Mawu amenewa ndi opepesera maliro. Asapezeke pa uthenga wa tsiku lobadwa.

Kuumba uthenga wabwino

Uthenga woyenera uli ndi magawo anayi pambuyo pa moni, ndipo lililonse ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri.

Gawo loyamba ndi kuwayamikira pa tsikulo. Mawu omwe eni chiyankhulo amagwiritsa ntchito kwambiri ndi *Parabéns*, omwenso amanenedwa kwa munthu wokhoza mayeso kapena wobereka mwana. *Feliz aniversário* ndi wolondolanso ndipo amamveka kulikonse. Mukhoza kulemba *Muitos parabéns pelo seu aniversário*, «zabwino zonse pa tsiku lanu lobadwa». Ngati banja likuchita phwando la zaka 60 ndipo aliyense akutchula nambalayo, lembani *pelos seus 60 anos*. Ngati mnzanu sanakuuzeni zaka, kapena mayiwo sakonda kuzitchula, musafunse ndipo musaganizire. Ku Mozambiki ndi ku Potugalo mumvanso anthu akuti *fazer anos*, kutanthauza kukwanitsa chaka china. Mnzanu akati *A minha mãe faz anos no sábado*, akunena kuti tsiku lobadwa la mayi ake ndi Loweruka.

Gawo lachiwiri ndi mafuno. Kwa munthu wamkulu choyamba kutchula ndi thanzi, *saúde*, kenako mtendere, *paz*, ndi chimwemwe, *alegria*. Zitatu zakwana. *Sucesso* ndi *dinheiro*, kupambana ndi ndalama, ndi mafuno a anzanu omwe akuyamba bizinesi, ndipo kwa mayi a zaka 60 amamveka ngati mwatengera uthenga wa munthu wina. Kuphatikizapo banja kumakoma: *junto da sua família*, «pamodzi ndi banja lanu».

Gawo lachitatu ndilo mtima wa uthenga wonse, ndipo palibe amene angakulembereni. Tchulani chinthu chimodzi chomwe mayiwo adakuchitirani. Mnyamata wathu adalemba *Obrigada pela comida*, «zikomo chifukwa cha chakudya», zomwe munthu anganene kwa aliyense amene adamuphikirapo. Akadatchula chakudyacho, malo ake ndi m'mene adalandiridwira, mayiwo akadaona nkhope yake powerenga. Nsima ku Mozambiki amailemba kuti *xima*, nkhuku ndi *galinha*. Ngati simudafikepo pakhomo pawo, chinthu chenicheni chomwe muli nacho ndi mwana wawoyo: *O seu filho fala sempre da senhora com muito orgulho*, «mwana wanu nthawi zonse amakamba za inu monyadira». Kapena muwathokoze chifukwa cha makhalidwe omwe adamuphunzitsa: *Obrigado pelo filho tão bem-educado que criou*. Ndi mayi ochepa amene sangakondwe ndi mawu otere, ndipo simunapyole malire ngakhale pang'ono.

Gawo lachinayi ndi dalitso, ngati mukudziwa kuti mayiwo ndi opemphera. *Deus* amagwiritsidwa ntchito ndi Akhristu ndi Asilamu omwe, choncho *Que Deus a abençoe*, «Mulungu akudalitseni», amakwanira onse. Kamawu kakuti *a* pakatipo ndiko «inu» wa mayi, ndipo kwa bambo kakadakhala *o*. Mudzamva anthu ambiri ku Mozambiki ndi ku Burazili akunena kuti *Que Deus lhe abençoe*, ndipo palibe amene angakudzudzuleni nazo, koma zomwe amaphunzitsa kusukulu ndi *a abençoe*. Pa mneni wa kupatsa ndiye *lhe* ali pakwawo: *Que Deus lhe dê uma vida longa*, «Mulungu akupatseni moyo wautali».

Magawowa akaikidwa pamodzi, uthenga wa mnyamata uja ukhala chonchi:

*Querida Dona Teresa,*

*Muitos parabéns pelos seus 60 anos! Desejo-lhe muita saúde, paz e alegria junto da sua família. Nunca me esqueço do carinho com que me recebeu em sua casa, em Tete, nem da xima com galinha que preparou para nós. Muito obrigado por tudo. Que Deus a abençoe e lhe dê uma vida longa.*

*Um abraço, com todo o respeito,*

Pansi pake alembe dzina lake, kenako *amigo do seu filho*, «mnzake wa mwana wanu». M'Chichewa uthengawu ukuti: Okondedwa Mayi Teresa, zabwino zonse pokwanitsa zaka 60. Ndikukufunirani thanzi, mtendere ndi chimwemwe pamodzi ndi banja lanu. Sindiiwala chikondi chomwe mudandilandira nacho pakhomo panu ku Tete, ngakhalenso nsima ya nkhuku yomwe mudatiphikira. Zikomo kwambiri pa zonse. Mulungu akudalitseni ndipo akupatseni moyo wautali.

Yang'anani aneni awiri a m'chiganizo chachitatu: *recebeu* ndi *preparou*. Onse ndi a ulemu. Akadakhala a *tu* akadalembedwa *recebeste* ndi *preparaste*, ndipo awa sathera ndi *-s*, choncho pa zinthu zakale muzisakanso *-ste*. Onaninso mawu akuti *carinho*. Ndi chikondi chofatsa, cha kusamala ndi kulera, chomwe chilibe fungo la chibwenzi. Ndiwo mawu omwe mnyamata uja ankafuna pomwe adalemba *te amo*.

Mtsikana asintha malo awiri okha: *Muito obrigada*, ndi *amiga* m'malo mwa *amigo*. Ngati mnzakeyo ndi wamkazi, alembe *amiga da sua filha*. Dzitchuleni momveka chonchi nthawi zonse, chifukwa mayiwo mwina alibe nambala yanu m'foni mwawo, ndipo tsiku limenelo alandira mauthenga ambiri. *Colega de escola* ndi mnzake wa kusukulu, *colega de trabalho* wa kuntchito. Samalani ndi mawu athu akuti «bwenzi»: mukawafufuza molakwika mupeza *namorado* kapena *namorada*, omwe ndi a chibwenzi cha mwamuna ndi mkazi, ndipo mudzakhala mwalengeza nkhani yomwe kulibe.

Mawu otsekera

Mchewa amazengereza akamva kuti *Um abraço* ndi kukumbatira, poti kwathu mnyamata sakumbatira mayi a mnzake wamba. Koma m'makalata a Chipwitikizi awa ndi mawu otsekera ozolowereka, omwe ngakhale anthu ogwira ntchito limodzi amalemberana. Kuonjezera *com todo o respeito* kapena *com muita estima* kumawaika pamalo oyenera wamkulu. *Com carinho* ndi wofewa kwambiri ndipo amayenerana ndi *Tia* kapena *Mãe*. *Um beijinho*, kampsopsono ka patsaya, ndi wofala pakati pa amayi ndi achibale, ndipo mtsikana yemwe amadziwana bwino ndi mayiwo akhoza kulemba choncho popanda vuto. Mnyamata amene sanazolowerane nawo ndi bwino akhale pa *abraço*. *Cumprimentos* ndi waulemu koma wouma, woyenera ngati mudayamba ndi *Estimada*. Lamulo lake ndi lakuti poyambira ndi potsekera pafanane kutentha.

Tizizindikiro ta pamwamba pa malembo

Chichewa cha pafoni timachilemba popanda zizindikiro, nkumamvanabe. M'Chipwitikizi kachizindikiro kamodzi kamasintha mawu. *Mamã* wokhala ndi kamzere kopindika pamwamba ndi «amayi» wachikondi, koma *mama* wopanda kanthu ndi bere. *Mãe* ndi mayi, *mão* ndi dzanja. Ngati mukulembera agogo a mnzanu, *avó* ndi agogo aakazi, *avô* ndi agogo aamuna. Mu dalitso lija, *dê* ndi «apatse», pomwe *de* ndi kamawu kolumikizira chabe. Owerenga amatha kulingalira zomwe mumafuna kunena, koma pa uthenga wa mizere isanu wopita kwa wamkulu, kusamala kumaoneka.

Pafoni nzosavuta. Dinani lembo nkuligwira kwa kanthawi, ndipo mitundu yake ituluka: pa *a* mupeza *ã*, *á* ndi *à*, pa *e* mupeza *é* ndi *ê*, pa *c* mupeza *ç*. Choposa apo ndi kuonjezera Português pa ziyankhulo za kiyibodi, chifukwa foni yozolowera chiyankhulo china imasintha yokha mawu omwe sikuwadziwa, inu osaona. Mukamaliza, tumizani uthengawo kwa mnzanu kaye kuti auwerenge.

Mayi ena maso adafooka, ena kuwerenga kumawavuta, ndipo mawu ojambula pa WhatsApp amawafika bwino kuposa olemba. Mukasankha njira imeneyi, zinthu zisanu zikuthandizani. *Nh* amamveka ngati «ny» wathu, choncho *senhora* ndi «senyora» ndipo *carinho* ndi «karinyu». Chitsanzo chomwechi chikuonetsa kuti *o* wa kumapeto amamveka ngati «u». *Lhe* amayandikira «lye», ndipo *ç* nthawi zonse ndi «s». *X* wa mu *xima* ndi «sh». Yankhulani pang'onopang'ono. Ngati mayiwo ndi a ku Angoniya, kapena madera ena a Tete ndi Nyasa komwe Chinyanja ndicho chiyankhulo cha pakhomo, malizani ndi chiganizo cha Chichewa, ngakhale «Ambuye akusungeni, amayi». Mwina Chipwitikizi adachiphunzira kusukulu, koma ichi ndicho amayankhula ndi zidzukulu zawo.

Nthawi yotumizira, ndi zotsatira zake

Tumizani pa tsiku lenilenilo, makamaka m'mawa. Ku Potugalo ndi ku Burazili anthu ambiri amakhulupirira kuti kunena *parabéns* tsiku lisanafike kumabweretsa tsoka, ndipo ngakhale amene sakhulupirira sazolowera kulandira mafuno msanga. Mozambiki ali pa nthawi imodzi ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Angola ali m'mbuyo ndi ola limodzi, Potugalo ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo, ndipo mizinda ikuluikulu ya Burazili monga São Paulo ili m'mbuyo ndi maola asanu. Uthenga wotumizidwa 7 koloko m'mawa ku Lilongwe ungadzutse mayi a ku Burazili 2 koloko usiku. Tsiku likakupitirirani, musachite manyazi nkungokhala chete. Lembani *Parabéns atrasados*, «mafuno ochedwa», nkuonjezera *Peço desculpa pelo atraso*, «pepani chifukwa chochedwa».

Ngati simudayankhulanepo ndi mayiwo ndipo mulibe nambala yawo, njira yaulemu ndi kudzera mwa mwana wawo. Apa mukuyankhula ndi mnzanu, choncho *tu* wabwerera: *Dá os parabéns à tua mãe da minha parte*, «uwafunire mayi ako zabwino m'malo mwanga». Chiganizo ichi ncha mnzanu yekha. Ngati mukufuna kuti awawerengere mayiwo mawu anu, mutumizireni uthenga wachiwiri wolembedwa mwa ulemu uja, kuti asavutike kusintha aneni akuwerenga.

Yankho likabwera, likuuzani pomwe mwaima. *Obrigada* yekha ndi kuthokoza kwabwinobwino. *Obrigada, meu filho* kapena *minha filha*, «zikomo mwana wanga», ndi chizindikiro chakuti akuwerengerani pakati pa ana a pakhomopo, ndipo chaka chamawa mukhoza kuyamba ndi *Querida Mãe* ngati ndi a ku Mozambiki. Muwayankhe mwachidule kuti *Eu é que agradeço*, «wothokoza ndine». Mwina mudzaona kuti iwo akukulemberani ndi *tu*, nkumati *como estás* kapena *vem visitar-nos*, «ubwere udzatione». Musatengere pamenepo nkuyamba kuwabwezera *tu*. Wamkulu ali ndi ufulu wotchula mwana kuti «iwe», mwana nkumapitiriza «inu», monga zilili kwathu kuno. Kusintha kumabwera pokhapokha iwo eni atanena kuti *Podes tratar-me por tu*, «ukhoza kumanditchula kuti iwe». Mayi ambiri a msinkhu umenewu sanena mawuwa, ndipo sikuti amakhala akukutalikirani. M'mabanja ochuluka olankhula Chipwitikizi ngakhale ana obereka amati *a senhora* kapena *a Mãe* kwa mayi awo moyo wawo wonse, choncho mukapitiriza kutero mukuyankhula ngati mmodzi wa iwo.